Mizere ya mbidzi: nkhani yagona pa ntchentche

Mukadzapeza mwayi wokwera kumapiri a Nyika, simudzavutika kuona mbidzi. Udzu wakumeneko ndi waufupi ndipo mbidzi zimaonekera kutali ndithu, zitaima m'timagulu pachitunda. Nchefu ndi mphoyo zomwe zimadya nazo limodzi n'zotuwa kapena zofiirira, mtundu wa udzu wouma, moti mukhoza kuzidutsa osaziona. Mbidzi yokha ndiyo inavala zakuda ndi zoyera, ngati yunifolomu ya timu ya mpira. Za ku Nyika zili ndi mizere yopyapyala komanso yoyandikana kwambiri kuposa mbidzi zambiri za kumwera kwa Africa, ndipo mizereyo imatsika mpaka kuziboda.

Ndiye funso n'lakuti, nyama yomwe mikango imaikonda chonchi inavaliranji zooneka patali? Akatswiri a sayansi akhala akukangana pa funsoli kwa zaka zoposa 150. Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace, akuluakulu awiri a maphunziro a zamoyo, sanagwirizane pankhaniyi. Katswiri wina wa masiku ano, Tim Caro, atasonkhanitsa mayankho onse omwe anthu anaperekapo anapeza kuti akukwana 18. Ambiri mwa mayankhowo amamveka anzeru mukamawamva, koma atawayesa ndi ochepa omwe anapirira. Lomwe lili ndi umboni wochuluka lero likukhudza kanthu kakang'ono komwe ife a zachipatala timakadziwa bwino: ntchentche zoyamwa magazi.

Yakuda kapena yoyera?

Tiyambe ndi funso lomwe ana amakonda. Mbidzi ndi yoyera yokhala ndi mizere yakuda, kapena yakuda yokhala ndi mizere yoyera? Mutaimeta mpala, mungapeze khungu lakuda thupi lonse. Mizere ili paubweya pokha. Patsinde pa ubweya uliwonse pali timaselo topanga utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, womwewo umene umadetsa khungu ndi tsitsi lanu. Pamzere wakuda timaseloti timathira utotowu muubweya. Pamzere woyera sititero, choncho ubweya umatuluka wopanda utoto.

Dongosolo la mizereli limakhazikika msanga, mwana wa mbidzi akadali kanthu kakang'ono m'mimba mwa mayi ake. Padziko pali mitundu itatu ya mbidzi: ya m'zigwa, yomwe ndi yathuyi, ya m'mapiri a ku Namibia ndi South Africa, ndi ya Grévy ya ku Kenya ndi Ethiopia. Ya m'zigwa ili ndi mizere yotambalala, pafupifupi 26 mbali imodzi, pamene ya Grévy ili ndi mizere yopyapyala pafupifupi 80. M'chaka cha 1977 katswiri wina, Jonathan Bard, anawerengera n'kunena kuti mitundu yonse imayamba ndi mizere yotalikirana mofanana, koma imasiyana nthawi yoyambira. Malinga ndi iye, ya m'zigwa imayamba sabata yachitatu ya bere, pamene ya Grévy imadikira mpaka sabata yachisanu, kamwanako katakula pang'ono moti pamakwana mizere yambiri. Lembani mizere pachibaluni chosapopa, kenako muchipope: mizere imatambalala koma chiwerengero chake sichisintha. N'chimodzimodzi.

Izitu zikungofotokoza mmene mizere imapangikira. Asayansi akamafunsa kuti "chifukwa chiyani", amatanthauza china: kodi mizereyo imaithandiza bwanji nyama kuti ikhale moyo n'kubereka ana ambiri kuposa inzake yopanda mizere?

Ntchito zomwe mitundu imagwira pa nyama zina

Pa nyama zambiri yankho silivuta. Ntchito yoyamba ndi kubisala. Mawanga a kambuku amasokonekera ndi kuwala kodutsa m'masamba. Nswala ndi yoderako kumsana ndipo ndi yoyera kumimba. Dzuwa limawalitsa pamwamba n'kusiya mthunzi kunsi, ndiye mtundu wa nswala umafafaniza kusiyanaku, thupi lake n'kuoneka lafulati, losaonetsa kuti ndi nyama yonenepa. Nsomba zambiri zilinso choncho. Mudzayang'anitsitse usipa wauwisi.

Ntchito ina ndi kuchenjeza. Anunkhadala amavala chikasu, chakuda ndi chofiira, ndipo sathamanga n'komwe, chifukwa mbalame yomwe inalawapo mmodzi imakumbukira mitunduyo. Chiuli, chakuda kunsi n'choyererako pamwamba, chimalengezanso chimodzimodzi kuti ndine woopsa. Palinso kukopana ndi kuzindikirana: mbuna zazimuna za m'nyanja yathu zimawala buluu kapena chikasu pofuna kukopa zazikazi ndi kuopseza zinzake. Ngakhale bilimankhwe, yemwe tonse timati amasintha mtundu pofuna kubisala, nthawi zambiri amasintha polankhula ndi anzake kapena pofuna kutentha ndi kuzizira. M'mawa kukazizira amada kuti alandire dzuwa lambiri.

Mbidzi aiyesa pa zonsezi. Kuchenjeza sikugwira, popeza mikango imaidya osaopa. Kuzindikirana nakonso n'kofooka. N'zoona kuti palibe mbidzi ziwiri zofanana mizere, monga mmene zidindo za zala zanu sizifanana ndi za munthu wina, ndipo ofufuza amazizindikira imodziimodzi poona mizereyo. Koma mahatchi ndi abulu, omwe ndi abale a mbidzi, amadziwana bwinobwino popanda mizere, ndipo mbidzi zazimuna ndi zazikazi zimavala mofanana. Mayankho omwe anatsala kuti alimbane ndi atatu: mkango, kutentha ndi ntchentche.

Maso a mkango si maso anu

Wallace ankati mizere imabisa mbidzi madzulo kukamada, pamene ikupita kukamwa madzi, chifukwa chakuda ndi choyera zimasakanikirana n'kuoneka zotuwa. Darwin, polemba m'chaka cha 1871, ankaona kuti mizere singateteze nyama yokhala pachigwa chopanda mitengo. Ena pambuyo pake anati mizere imafanana ndi mithunzi ya udzu wautali. Onsewa ankaweruza ndi maso a munthu, ndipo vuto linali pomwepo.

Maso athu ndi akuthwa kwambiri masana. Mkango ndi fisi amaona bwino kuposa ife mumdima, koma sasiyanitsa tinthu ting'onoting'ono patali. M'chaka cha 2016, Amanda Melin ndi anzake, kuphatikizapo Caro, anajambula zithunzi za mbidzi ku Tanzania, n'kuyeza kutambalala kwa mizere, kenako n'kuwerengera mmene maso a mkango ndi a fisi angaionere. Anapeza kuti masana, kupitirira mamita 50, nyama zolusazi zimavutika kuiona mizere. Mamita 50 ndi theka la bwalo la mpira. Chakumadzulo mtundawo umatsika kufika pa mamita 30, ndipo usiku wopanda mwezi ndi mamita 9 okha. Kutali kuposa apo mbidzi imangooneka ngati nyama ina iliyonse yotuwa. Pomwe mkango ukufika pa mamita 9 umakhala utaimva kale fungo ndi mtswatswa, ndiye mizere yabisa chiyani?

Pali ganizo linanso lokoma kumva, lakuti mbidzi zikamathawa pagulu mizere imachititsa mkango chizungulire, n'kulephera kusankha imodzi kapena kudziwa komwe ikulowera. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, sitima zapamadzi zinkapakidwa mizere yokhotakhota ndi cholinga chofananacho. Kuyesa ndi anthu pakompyuta kwaonetsa kuti mizere yoyenda ikhoza kusokonezadi maso. Koma kutchire mikango siikuoneka yosokonezeka. M'malo ambiri osungirako nyama mbidzi ili m'gulu la nyama zomwe mikango imapha kwambiri, mwinanso kuposa mmene mungayembekezere poona kuchuluka kwake. Ngati mizere ndi chishango cha mkango, ndi chishango chobooka.

Migolo ya madzi padzuwa

Ganizo la kutentha limati mzere wakuda umatentha kuposa woyera, ndipo kusiyanaku kumachititsa timphepo tozungulira pamwamba pa ubweya tomwe timaziziritsa nyama. Mbali yoyambayo ndi yoona. Alison Cobb ndi mwamuna wake Stephen anayeza mbidzi zamoyo ku Kenya n'kupeza kuti masana mizere yakuda imatentha ndi madigiri 12 mpaka 15 kuposa yoyera. Brenda Larison ndi anzake, m'chaka cha 2015, anapezanso kuti mbidzi za m'zigwa zokhala kumadera otentha zili ndi mizere yolimba kuposa za kumadera ozizirirako.

Koma ofufuza a ku Hungary, motsogozedwa ndi Gábor Horváth, anayesa nkhaniyi mosavuta m'chaka cha 2018. Anadzaza madzi m'migolo yachitsulo, n'kuikutira ndi zikopa: chakuda, choyera, chotuwa ndi cha mbidzi. Anaisiya padzuwa kwa miyezi ya chilimwe uku akuyeza kutentha kwa madzi m'kati. Mgolo wakuda unatentha kwambiri, woyera unali wozizirirapo, ndipo wa mbidzi unangofanana ndi wotuwa. Mizere sinawonjezere kanthu. Oikira kumbuyo ganizoli amayankha kuti mgolo sutuluka thukuta ngati nyama yamoyo, ndipo akunena zoona. Komabe timphepo tating'ono chotero timabalalika kukangowomba kamphepo kapena nyama ikayenda. Ndipo kumbukirani kuti malo otentha ndi achinyezi ndi komwenso ntchentche zoluma zimachuluka, choncho zomwe Larison anapeza zikhoza kuloza mbali ziwiri.

Ntchentche zomwe sizitera

Ganizo la ntchentche si latsopano. Cha m'ma 1930, katswiri wina wolimbana ndi kashembe ku Zululand, ku South Africa, R. H. Harris, anaona kuti ntchentchezi zimakonda chinthu chachikulu chakuda, osati chamizere. M'chaka cha 1981, Jeffrey Waage anayesa ku Zimbabwe ndi zinthu zopakidwa chakuda, choyera ndi mizere, ndipo akashembe ochepa kwambiri ndi omwe anabwera pa chamizere. Palinso umboni wochokera m'mimba mwa kashembe mwenimwenimo. Ofufuza akagwira kashembe wokhuta amatha kuyeza magaziwo n'kudziwa nyama yomwe waluma. Amapeza magazi a njiri, nguluwe, mbawala, njati ndi ng'ombe, koma a mbidzi sapezekapezeka, ngakhale kumalo komwe mbidzi n'zambiri.

Kupatula kashembe palinso ntchentche zikuluzikulu zija zimazunza ng'ombe nyengo ya dzinja, zamaso aakulu, zomwe zikakulumani mumadumpha. Zazikazi zokha ndi zomwe zimaluma. Sizibaya mwakachetechete ngati udzudzu; zimacheka khungu n'kumanyambita magazi. M'chaka cha 2014, Caro ndi anzake anatenga mapu a komwe kumakhala mitundu isanu ndi iwiri ya mbidzi, mahatchi ndi abulu akutchire, n'kuwasanjikiza pa mapu a nkhalango, a mikango ndi afisi, a kutentha, ndi a madera omwe nyengo yake imalola ntchentche zoterezi kuswana kwa miyezi ingapo yotsatizana. Mizere sinagwirizane ndi nkhalango kapena nyama zolusa. Inagwirizana ndi ntchentche. Mahatchi akutchire a m'zipululu zozizira za ku Asia alibe mizere yapathupi. Mbidzi ina ya kumwera kwenikweni kwa Africa, yotchedwa kwaga, yomwe yomaliza inafera kumalo oonetsera nyama ku Amsterdam m'chaka cha 1883, inali ndi mizere kumutu, kukhosi ndi mbali ya kutsogolo ya thupi yokha, kumbuyo kuli kofiirira.

Kugwirizana kwa mapu sikokwanira, ndipo izi timaphunzitsidwa chaka choyamba kukoleji. Malungo amachuluka nthawi yomwe mango ndi chimanga chachiwisi zachuluka, koma si mango amene amayambitsa malungo. Pamafunika kuyesa kosintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse n'kuzisiya momwe zilili.

Mahatchi ovala ngati mbidzi

Kuyesa koteroko kunachitika pafamu ina ku Somerset, ku England, komwe mwini wake amaweta mahatchi ndi mbidzi zochepa. Caro, Martin How wa ku yunivesite ya Bristol ndi anzawo anaonerera mbidzi zitatu ndi mahatchi asanu ndi anayi m'miyezi yotentha, pamene ntchentche zoluma zimachuluka. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2019.

Poyamba anangokhala pafupi n'kumawerenga: ntchentche zingati zikuzungulira nyama, zingati zikuigunda, zingati zikutera n'kukhazikika. Apa panatuluka chinthu chomwe ambiri sankayembekeza. Ntchentche zozungulira mbidzi zinali zochuluka mofanana ndi zozungulira mahatchi. Mizere sinaziletse kubwera. Ntchentche imapeza nyama ili kutali potsata fungo ndi mpweya womwe nyamayo ikupuma, komanso poona chinthu chachikulu chikuyenda, ndipo maso ake, mofanana ndi a mkango, saona mizere patali. Kusiyana kunali pa kutera. Pa ntchentche zinayi zilizonse zomwe zinatera pahatchi, pambidzi sipankakwana ngakhale imodzi.

Kenako anajambula mavidiyo n'kumawaonera pang'onopang'ono, chithunzi chimodzichimodzi. Ntchentche yopita pahatchi imachepetsa liwiro ikamayandikira, n'kutambasula miyendo, n'kutera bwinobwino. Yopita pambidzi imafika ndi liwiro lomwelo, ngati minibasi yoduka mabuleki pasiteji. Ina imapitirira, ina imakhota mwadzidzidzi, ina imadziwomba pambidzi n'kunjanja osagwira. Chisokonezo chonse chimachitika m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi.

Inu owerenga mwanzeru mwafunsa kale: bwanji ngati mbidzi ili ndi fungo lomwe ntchentche sizilikonda? Nanga bwanji mchira? Funsoli n'loyenera, chifukwa ofufuzawo anaonadi kuti mbidzi imakupiza mchira pafupifupi nthawi zonse, imasiya kudya ikavutitsidwa ndipo imathawa, pamene hatchi imangonjenjemeretsa khungu. Choncho ngakhale ntchentche yatera pambidzi, siikhalitsa. Pofuna kuchotsa nkhani ya fungo ndi ya khalidwe, anatenga mahatchi omwewo n'kumawaveka nsalu zokuta thupi: yakuda, yoyera, ndi yamizere yakuda ndi yoyera. Hatchi iliyonse inavala nsalu zonse zitatu mosinthasintha. Fungo ndi lomwelo, mchira ndi womwewo, khola ndi lomwelo. Chosintha ndi nsalu yokha.

Ntchentche zinatera pang'ono kwambiri pansalu yamizere poyerekeza ndi yakuda kapena yoyera. Ndipo gawo lomwe ine limandisangalatsa ndi ili: mutu wa hatchi sunaphimbidwe, ndipo pamutupo ntchentche zinkatera mofanana, kaya hatchiyo yavala chiyani. Nyama imodzimodziyo, nthawi imodzimodziyo, thupi lamizere latetezeka koma mutu wopanda mizere ukulumidwa. Fungo silingafotokoze zimenezo.

Tisabise malire ake. Nyama zinali zochepa, ndipo ntchentche za ku England si za ku Luangwa. Koma zotsatirazi zikugwirizana ndi za ku Zimbabwe, za ku Hungary, za m'mimba mwa kashembe ndi za mapu aja. Umboni wochokera mbali zosiyanasiyana ukamaloza kumodzi umalemera kuposa kafukufuku mmodzi wamkulu.

Chimachitika n'chiyani m'maso mwa ntchentche?

Apa akatswiri akadakangana. Ofufuza a ku Hungary aja anaonetsa mu 2012 kuti ubweya wakuda umabweza kuwala mwanjira yofanana ndi pamwamba pa madzi, yomwe ntchentchezi zimaiona ndi kuitsata, ndipo mizere yoyera imaduladula chizindikirocho. Anaonanso kuti mizere ikamapyapyala ntchentche zimachepera. Ena ankati mizere imanamiza ntchentche za liwiro lake. Kachilombo kouluka kamadziwa kuti kayandikira poona mmene chinthu chikukulira m'maso mwake, ndiye mizere yofananafanana yolowera mbali imodzi ingasokoneze kuwerengerako. How ndi anzake anayesa zimenezi mu 2020 poveka mahatchi nsalu ya timabokosi takuda ndi toyera, ngati bolodi la dirafuti. Ntchentche zinalephera kuteranso chimodzimodzi. Choncho chinsinsi sichili pa mizere yolowera mbali imodzi.

Kafukufuku wotsatira, wa mu 2023, analoza ku chinthu chosavuta. Ntchentche imafuna malo aakulu oderako oti iterepo. Ikadali patali imaona nyama yotuwa n'kuilunjika. Ikafika pafupi, malo aakulu aja amasweka n'kukhala tizidutswa topyapyala takuda pakati pa zoyera, ndipo chomwe imalondola chija chimasowa. Nsalu yotuwa yopanda mizere ndi yomwe inakopa ntchentche zambiri, ndipo yokhala ndi zigamba zikuluzikulu zakuda sinateteze kwenikweni.

Mwina mukudabwa kuti kantchentche kangaumbe bwanji maonekedwe a nyama yaikulu chonchi, komanso chifukwa chomwe njati ndi nswala sizinatengereko. Mbidzi ili ndi ubweya waufupi kuposa agwape ambiri okhala nayo limodzi, moti kamwa la ntchentche limafika pakhungu mosavuta. Banja la mahatchi limavutikanso kwambiri ndi matenda ofalitsidwa ndi tizilombo toluma. Lina mwa matendawa ndi nagana, lomwe limabwera ndi kashembe, limatha magazi ndi kuwondetsa nyama, ndipo ndi limodzi mwa zifukwa zomwe mahatchi sanachulukire m'madera ambiri a kuno kwathu. Onjezanipo magazi otayika ndi nthawi yodya yomwe imathera pothamangitsa ntchentche. Mbidzi yolumidwa pang'ono imakhala yonenepa pofika m'chilimwe ndipo imalera ana ambiri. Phindu laling'ono lotere likapitirira kwa mibadwo zikwizikwi limakwanira.

Ng'ombe zopakidwa penti

Ku Japan, m'chigawo cha Aichi, Tomoki Kojima ndi anzake anatengera nzeruyi kukhola. Anatenga ng'ombe zakuda zisanu ndi imodzi. Nthawi ina ankazipaka mizere yoyera yotambalala masentimita anayi kapena asanu, nthawi ina mizere yakuda yomwe siioneka pang'ombe yakuda, nthawi ina osazipaka. Mizere yakudayo inali yofunika, pofuna kudziwa ngati fungo la penti ndi lomwe likuthamangitsa ntchentche. Ng'ombe zamizere yoyera zinali ndi ntchentche zoluma pafupifupi theka la zinzake, ndipo kuponda pansi, kupukusa mutu ndi kukupiza mchira kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mizere yakuda sinasinthe zambiri.

Ngati muli ndi ng'ombe ku Chikwawa kapena ku Mzimba, musathamangire kugula penti. Pentiyo inkafufutika pakangopita masiku ochepa, ng'ombe zinali zisanu ndi imodzi zokha, ndipo penti yopakira nyumba kapena zitsulo ikhoza kupsereza khungu la chiweto kapena kuchidwalitsa chikamanyambita. Chachikulu, nkhupakupa siziuluka. Zimakwera kuchokera paudzu, ndipo mizere sizikhudza, choncho dibi salowedwa m'malo ndi burashi.

Chimodzimodzi kwa inu eni. Malaya amizere si mankhwala a malungo. Udzudzu wa malungo umaluma usiku, umatsata mpweya, fungo ndi kutentha kwa thupi lanu, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala ndiyo imauletsa.

Pomwe nkhani ya mitundu imakukhudzani mwachindunji ndi pa kashembe. Matenda a kaodzera akadalipo m'madera ozungulira Vwaza ku Rumphi ndi nkhalango ya Nkhotakota. Ngati munadutsako, mwina munaona nsalu za buluu ndi zakuda zitapachikidwa m'mphepete mwa tchire. Ndi nzeru ya mbidzi yomweyo koma yotembenuza: buluu amaitana kashembe kuchokera patali, chakuda chimamupatsa malo aakulu oti aterepo, ndipo nsaluyo imakhala yonyikidwa m'mankhwala opha tizilombo. Musaichotse n'kukasokera malaya kapena kufunditsa mwana. Mukamalowa m'madera amenewa, pewani zovala za buluu ndi zakuda. Valani za kaki kapena zotuwirako ngati udzu, zamanja aatali, komanso zansalu yokhuthala, chifukwa kashembe amaboola nsalu yopyapyala.

Mukalumidwa, n'kutuluka chotupa chofiira chopweteka pamalopo, kenako kutentha thupi ndi mutu pakatha sabata imodzi kapena itatu, pitani kuchipatala. Poyamba kaodzera amafanana kwambiri ndi malungo, ndipo mtundu womwe uli kuno umathamanga: ukhoza kufika kuubongo m'masabata ochepa. Akakuyezani malungo n'kusawapeza, kapena mwamwa mankhwala a malungo koma osapeza bwino, muuzeni wachipatalayo komwe munayenda ndi chomwe chinakulumani, kuti akayang'ane magazi anu pamakina oonera tizilombo.